Nkhongole Yoyambira Malonda: Tikongole Zingati?

Munthu akafuna kuyamba malonda aang'ono ndi ndalama yokongola, funso loyamba limene wokongoza amamufunsa ndi lakuti, "Mufuna zingati?" Ambiri amayankha mwa njira ziwiri. Ena amawonkhetsa mitengo ya zinthu zimene afuna kugula pa tsiku loyamba, nanena kuti imeneyo ndiyo nkhongole yawo. Ena amafunsa kuti wokongozayo angapereke zingati, ndipo amatenga zonsezo. Woyambayo ndalama zimamuthera malonda asanabale kanthu. Wachiwiriyo amagwirira ntchito wokongoza kwa chaka chathunthu.

Yankho loyenera limapezeka pa pepala limodzi, pamene tilemba ndalama zolowa ndi zotuluka molingana ndi nthawi imene zidzalowadi kapena kutulukadi. Pepala limeneli tilitcha ndandanda ya kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama. Malonda atsopano aliwonse amayamba ndi kudya ndalama asanabweze kalikonse, kotero kuti thumba limatsikiratsikira kufikira tsiku limene zogulitsa ziyamba kulikweza. Pamene thumba latsika kwambiri timapatcha pansi pa dzenje. Kuya kwa dzenjelo ndiko kumatiuza kukula kwa nkhongole.

Chitsanzo chathu: nkhuku zanyama 200

Tiyerekezere mlimi wokhala pafupi ndi tauni monga Katete kapena Petauke, amene afuna kuweta nkhuku zanyama 200 nthawi imodzi. Iye ali ndi K7,000 yake, yochokera mu soya ndi mu chilimba. Mitengo yonse imene titchule pano ndi yongoyerekezera, yosankhidwa kuti masamu akhale osavuta. Inu muyenera kupita nokha kwa ogulitsa, kufunsa mitengo ya mlungu womwewo, ndi kuilemba m'malo mwa yathuyi.

Mlimi wathu afunika khola la K6,000, pakuti njerwa anawotcha yekha ndipo agula malata, waya ndi simenti. Zomwera, zodyera ndi mbaula zifuna K2,000. Anapiye 200 pa K20 mmodzi ndi K4,000, ndipo utuchi woyala pansi ndi K300. Zonsezi zilipiridwa anapiye asanafike, popeza anapiye amalembetsedwa ndi kulipiridwa pasadakhale. Motero pa milungu iwiri yokonzekera patuluka K12,300.

Chakudya ndicho chimadya ndalama yaikulu, ndipo sichidyedwa mofanana mlungu uliwonse. Nkhuku yanyama imadya pafupifupi makilogalamu anayi ndi theka pa milungu isanu ndi umodzi, koma choposa theka la chakudyacho imachidya m'milungu iwiri yomaliza. Nkhuku 200 zidzadya matumba awiri a makilogalamu 50 pa mlungu woyamba ndi wachiwiri, matumba 6 pa mlungu wachitatu ndi wachinayi, ndi matumba 10 pa mlungu wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Pa mlungu wogulitsa, nkhuku zimene zikali kudikira ogula zidzadya matumba atatu enanso. Thumba limodzi tiliwerengera K550. Pamwamba pa chakudya pali malasha ofunditsira anapiye a K600, katemera wa chitopa ndi wa gumboro pamodzi ndi mankhwala ena a K400, ndi mayendedwe a K650. Gulu limodzi la nkhuku, kuyambira pa anapiye kufikira nkhuku yomaliza itagulitsidwa, lidya K17,500.

Kumbali ya zolowa, tiwerengera kuti nkhuku 10 zidzafa, ndipo 190 zidzagulitsidwa pa K130 imodzi. Zimenezi zibweretsa K24,700. Tikachotsa K17,500, gulu lililonse lisiya K7,200. Malondawa ali ndi phindu ndithu. Koma phindulo limaoneka pa mlungu wachisanu ndi chiwiri, pamene nkhuku zimafuna kudya kuyambira tsiku loyamba.

Kulemba ndandanda

Tengani pepala lalikulu, mulembe mizere inayi yotsika: nthawi, zolowa, zotuluka ndi zotsala m'thumba. Chinthu choyamba kusankha ndi kutalika kwa nthawi ya mzere uliwonse wopingasa. Ambiri amazolowera kuwerengera pa mwezi, koma pa nkhuku zanyama mwezi ndi wautali. Mwezi wachiwiri ungathe kukhala ndi milungu imene nkhuku zidya kwambiri pamodzi ndi masiku oyamba ogulitsa, ndipo ndalama zogulitsazo zingabise njala ya masiku a m'mbuyo mwake. Lamulo lake ndi lakuti mzere ukhale waufupi mokwanira kuti kugula kwakukulu ndi kugulitsa koyamba zisagwere pa mzere umodzi. Pa nkhuku tigwiritsa ntchito milungu iwiri iwiri. Pa munda wa chimanga kapena soya mwezi ukwanira.

Poyamba tilemba ndandanda yopanda nkhongole konse, ngati kuti palibe wokongoza pa dziko lapansi. Tiyamba ndi K7,000 ya mlimi, ndipo pa mzere uliwonse tiwonjezera zolowa ndi kuchotsa zotuluka. Thumba likapitirira pansi pa ziro tilemba nambalayo ndi kamzere kutsogolo kwake.

| Nthawi | Zolowa | Zotuluka | Zotsala m'thumba |
|---|---|---|---|
| Kukonzekera | K7,000 | K12,300 | -K5,300 |
| Mlungu 1 ndi 2 | 0 | K2,050 | -K7,350 |
| Mlungu 3 ndi 4 | 0 | K3,650 | -K11,000 |
| Mlungu 5 ndi 6 | 0 | K5,700 | -K16,700 |
| Mlungu 7 ndi 8 | K16,900 | K6,600 | -K6,400 |

Mzere womalizawu ufuna kuumasulira. Mwa nkhuku 190, mlimi ayembekezera kuti 130 zidzagulidwa ndi ndalama pamanja, zimene ndi K16,900. Nkhuku 60 zotsalazo zidzatengedwa ndi anthu apantchito olipira kumapeto kwa mwezi, ndipo K7,800 yake idzafika m'milungu iwiri yotsatira. Ndalama imeneyo sitiilemba pa tsiku limene nkhuku yachoka m'khola. Tiilemba pa tsiku limene ifika m'manja, chifukwa lonjezo la wogula siligula thumba la finisha. Zotuluka za K6,600 zili ndi K1,800 ya chakudya ndi mayendedwe, K4,300 ya anapiye ndi utuchi wa gulu lachiwiri, ndi K500 imene banja liyamba kutenga.

Ndalama ya banjayi anthu ambiri amaisiya polemba, koma imatuluka ndithu kaya yalembedwa kapena ayi. Mlimi wathu wasankha kusatenga kanthu kufikira nkhuku zoyamba zitagulitsidwa, pakuti banja lili ndi chimanga m'nkhokwe ndi ndiwo kudimba. Kuchokera pamenepo adzatenga K500 pa milungu iwiri iliyonse, imene ndi K2,000 pa gulu limodzi. Ndalamayi ndi ya zonse zimene banja lichotsa m'malondawo, kuyambira chakhumi kufikira sopo ndi mchere. Amene alibe chakudya china panyumba ayenera kulemba ndalama ya banja kuyambira mzere woyamba, ndipo dzenje lake lidzazama koposa.

Kupeza pansi pa dzenje

Tsopano yang'anani mzere wa zotsala m'thumba, mupeze nambala yotsika kwambiri. Pa ndandanda yathu ndi K16,700, kumapeto kwa mlungu wachisanu ndi chimodzi. Imeneyi ndiyo ndalama yochepetsetsa imene mlimi ayenera kupeza kwina kuti nkhuku zake zifike pa msika zitakhuta.

Ndandanda yomweyi itionetsa chimene chimachitikira munthu wowerengera zogula za tsiku loyamba zokha. Iye awonkhetsa khola, zipangizo, anapiye ndi chakudya choyamba, apeza kuti apereweredwa K7,350, nakongola K7,500. Pofika kumapeto kwa mlungu wachiwiri watsala ndi K150, pamene matumba 16 a chakudya akali kutsogolo nkhuku zisanayambe kugulitsidwa. Zizindikiro za nkhongole yochepa zimaoneka m'khola. Mwini ayamba kusakaniza gaga m'chakudya, kapena kudyetsa kamodzi patsiku, ndipo nkhuku zofunika kukhwima pa milungu isanu ndi umodzi zimafika milungu isanu ndi itatu zikali zopepuka, zikudyabe. Potsiriza amapita ku kaloba, kumene chiwongoladzanja cha mwezi umodzi wokha chingathe kumeza phindu la gulu lonse.

Pa K16,700 tiwonjezera ndalama ya zadzidzidzi, chifukwa ndandanda ndi kuyerekezera chabe. Mtengo wa chakudya ungakwere pakati pa njira, m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi malasha angafunike ochuluka, ndipo ogula angachedwe ndi masiku angapo. Njira yosavuta ndi kutenga gawo limodzi mwa magawo khumi la ndalama zonse zotuluka kugulitsa kusanayambe. Zimenezi ndi K23,700, ndipo gawo lake lakhumi ndi K2,370. Tikaphatikiza ndi K16,700 tipeza K19,070, imene tiizungulira kukhala K19,000. Pofika pansi pa dzenje mlimi adzakhala atatsala ndi K2,300, yokwanira matumba anayi a chakudya. Kumeneko ndi kudya kwa masiku asanu kwa nkhuku zazikulu, ndipo muyezo umenewu ndi wabwino poyesa ngati ndalama ya zadzidzidzi ili yokwanira: dzifunseni kuti ingasunge malonda masiku angati ogula atachedwa.

Kubweza nakonso kumakumba dzenje

Apa ndi pamene ambiri amapinda pepala, poganiza kuti ntchito yatha. Koma nkhongole ikalowa m'ndandanda imabwera ndi mzere wake wa zotuluka. Walira mvula walira matope. Tiyenera kulemba ndandanda kachiwiri, tsopano ili ndi nkhongole pamodzi ndi kabwezedwe kake.

Tiyerekezere kuti wokongoza afuna chiwongoladzanja cha 3 pa 100 iliyonse pamwezi, chowerengedwa pa ndalama yonse yoyambirira, ndipo nkhongole ibwezedwe m'magawo 12, kuyambira patatha mwezi umodzi. Pa K19,000 chiwongoladzanja ndi K570 pamwezi, chimene ndi K6,840 pa chaka. Zonse zobweza ndi K25,840, ndipo gawo la mwezi uliwonse ndi pafupifupi K2,150.

Tiyeni tione masiku obwezera. Mlimi alandira ndalama poyamba kumanga khola. Mwezi woyamba utha anapiye ali ndi milungu iwiri, ndipo mwezi wachiwiri utha cha kumapeto kwa mlungu wachisanu ndi chimodzi. Motero magawo awiri, okwana K4,300, ayenera kulipiridwa asanaone ndalama ya nkhuku. Iye anali ndi K2,300 yokha yotsala. Thumba latsikanso pansi pa ziro ndi K2,000, pa mlungu umene nkhuku zidya kwambiri. Nkhongole imene inaoneka yokwanira yaperewera chifukwa cha kubweza kwake komwe.

Wina anganene kuti ndiye tikongole zochulukirapo, kuti zina zibwezere magawo awiri oyambawo. Masamu ake ndi awa: kuti mlimi alipire magawo awiri ndi kutsalabe ndi pafupifupi K2,300, ayenera kukongola K24,500. Gawo la pamwezi likwera kufika pafupifupi K2,780, kutanthauza K5,560 pa gulu lililonse la nkhuku, popeza gulu limodzi litenga miyezi iwiri. Pa K7,200 imene gulu lisiya patsala K1,640, yosakwana ngakhale K2,000 ya banja. Kukongola ndalama yobwezera nkhongole yomweyo kwatseka dzenje loyamba, koma kwasiya malonda osatha kudyetsa mwini wake.

Chimodzimodzi ndi munthu wotenga zonse zimene wokongoza apereka. Akalandira K30,000 pa malamulo omwewa, gawo la pamwezi ndi K3,400, ndipo pa gulu lililonse K6,800 mwa K7,200 ipita kwa wokongoza. K11,000 yoposerayo sikhala m'thumba nthawi yaitali, pakuti maliro, sukulu ndi alendo zimaipeza. Chizindikiro cha nkhongole yopitirira ndi chimenechi: pansi pa dzenje pakhala ndalama yambiri yopanda ntchito, imene mukuilipirira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi.

Njira yabwino ndi kukonza nthawi ya kubweza m'malo mokulitsa nkhongole. Mlimi apemphe nthawi yopumira ya miyezi iwiri, kuti gawo loyamba lilipiridwe kumapeto kwa mwezi wachitatu, nkhuku zoyamba zitagulitsidwa kale. Tiwerengere kuti chiwongoladzanja chidzayendabe m'miyezi yopumirayo. Ndiye kuti K570 ilipiridwa kwa miyezi 14, imene ndi K7,980, zonse zobweza zikhala K26,980, ndipo gawo lililonse mwa magawo 12 likhala pafupifupi K2,250. Kupumirako kwagulidwa ndi K1,140, mtengo wochepa poyerekeza ndi kukongola K5,500 ina. Popempha nthawi yopumira, tengani ndandanda yanu muionetse wokongoza, muloze mzere umene ndalama iyamba kulowa. Pempho lokhala ndi masiku ndi manambala limamveka msanga koposa pempho la pakamwa. Wokongoza akakana, ndiye kuti nkhongole yake siyenerana ndi malonda anu, ngakhale itakhala yosavuta kuipeza.

Dzenje lachiwiri

Ndandanda isathere pa kugulitsa koyamba. Gulu lachiwiri nalo lili ndi dzenje lake, ndipo tsopano mlimi adyetsa nkhuku, adyetsa banja, ndiponso abweza nkhongole nthawi imodzi. Nayi ndandanda yokhala ndi nkhongole ya K19,000 ndi nthawi yopumira, kuyambira pansi pa dzenje loyamba.

| Nthawi | Zolowa | Zotuluka | Zotsala m'thumba |
|---|---|---|---|
| Gulu 1, mlungu 5 ndi 6 | 0 | K5,700 | K2,300 |
| Gulu 1, mlungu 7 ndi 8 | K16,900 | K6,600 | K12,600 |
| Gulu 2, mlungu 1 ndi 2 | K7,800 | K4,800 | K15,600 |
| Gulu 2, mlungu 3 ndi 4 | 0 | K4,150 | K11,450 |
| Gulu 2, mlungu 5 ndi 6 | 0 | K8,450 | K3,000 |
| Gulu 2, mlungu 7 ndi 8 | K16,900 | K6,600 | K13,300 |

Magawo a K2,250 alowa m'zotuluka za mlungu 1 ndi 2 ndi za mlungu 5 ndi 6, ndipo K500 ya banja ili pa mzere uliwonse kuyambira pa kugulitsa koyamba. Tawerengera mwezi ngati milungu inayi. Miyezi iwiri ya pa kalendala imatsala pang'ono kukwana milungu isanu ndi inayi, ndipo masiku owonjezerawo ndi ofunika pa kutsuka khola ndi kulisiya lopanda kanthu anapiye ena asanalowe.

Onani mzere umene thumba lili ndi K15,600. Imeneyi ndiyo nthawi yoopsa koposa zonse, chifukwa mlimi amaona ndalama yambiri nayesa kuti ndi phindu. Komatu m'milungu inayi yotsatira K12,600 ya ndalamayo ili kale ndi eni ake, amene ndi nkhuku, banja ndi wokongoza. Akagula njinga yamoto kapena malata a nyumba pa nthawi imeneyi, gulu lachiwiri lifa ndi njala. Ndalama yake yeniyeni ndi K3,000 ya pansi pa dzenje lachiwiri.

Pansi pa dzenje pachoka pa K2,300 kufika pa K3,000, pakwera ndi K700. Nambala yomweyi tiipeza tikachotsa K4,500 ya wokongoza ndi K2,000 ya banja pa K7,200. Umu ndi mmene tidziwira ngati malonda angasenze nkhongole: pansi pa dzenje lililonse pakhale pokwera koposa pa dzenje la m'mbuyo mwake. Ngati pakutsikira gulu ndi gulu, ndiye kuti nkhongole ikudya mpamba, ndipo tsiku la kulephera kubweza mungathe kuliwerengera pa pepala miyezi ingapo lisanafike.

Kuyesa ndandanda ndi nyengo zoipa

Malonda okwera ndi K700 yokha pa gulu ali pafupi ndi malire. Choncho tisanasaine, tisinthe nambala imodzi imodzi, tione ngati K3,000 ya pa dzenje lachiwiri ipirira. Mtengo wa nkhuku ukatsika kufika K120, monga zimachitikira pamene oweta ambiri atulutsa nkhuku mlungu umodzi, kapena mu Januwale ndi Febuluwale pamene ndalama za anthu zapita ku feteleza ndi ku sukulu, mlimi ataya K1,900, natsala ndi K1,100. Kutentha kwa Okutobala kukapha nkhuku zazikulu 10 zina, ataya K1,300, natsala ndi K1,700. Mwa otenga nkhuku 60 zolipira kumapeto kwa mwezi, nkhuku 20 zikapanda kulipiridwa, ataya K2,600, natsala ndi K400 yokha.

Vuto limodzi lililonse mwa amenewa ndandanda ilipirira. Koma mtengo ukatsika ndipo nkhuku zikafanso pa gulu lomwelo, nkhuku 180 pa K120 zibweretsa K21,600, kuchepa ndi K3,100, ndipo thumba ligunda pansi. Mtengo wa K120 ukakhalitsa, gulu lililonse liperewera ndi K1,200, ndipo ndalama yosungidwayo itha pasanathe magulu atatu. Ndandanda yatiuza kuti K19,000 ikwanira kudutsa dzenje, ndiponso kuti ndiyo nkhongole yaikulu koposa imene malondawa angasenze. Chanzeru tsopano ndi kuchepetsa dzenjelo.

Poyang'ana chochepetsa, yambani ndi zinthu zimene sizibweza ndalama msanga. Chakudya ndi katemera sizichepetsedwa, pakuti ndizo zimapanga nyama. Khola ndilo lingadikire. Mlimi akamanga ndi mitengo, udzu ndi waya pa K3,000, nkhongole itsika kufika K16,000, gawo la pamwezi likhala pafupifupi K1,900, ndipo pansi pa dzenje padzakwera ndi K1,400 pa gulu lililonse m'malo mwa K700. Malata adzagulidwa ndi phindu chaka chamawa, popanda chiwongoladzanja. Njira ina ndi kulandira nkhongole m'zigawo ziwiri, ngati wokongoza alola, popeza K5,500 ya chakudya cha mlungu 5 ndi 6 sifunika pa tsiku lomanga khola. Njira inanso ndi kudikira kukolola kumodzi kuti ndalama yake ya mlimi ichuluke. Kuchepetsa nkhuku kukhala 100 kumachepetsa nkhongole kwambiri, koma kumadulanso phindu pakati, pamene zosowa za banja sizichepa. Wosankha njira imeneyi alembe ndandanda yatsopano, asangoganiza kuti chaching'ono ndicho chotetezeka.

Zofunsa wokongoza

Ndandanda imafuna manambala oona a nkhongole, kaya ichokera ku banki, ku kabungwe kokongoza, ku thumba la CDF kapena ku gulu la banki ya m'mudzi. Funso loyamba ndi lakuti, "Ndidzalandira zingati m'manja?" Okongoza ena amadula ndalama ya mapepala ndi ya inshuwalansi asanapereke. Akadula 5 pa 100 iliyonse, mlimi wosainira K19,000 alandira K18,050, ndipo ndalama yake ya zadzidzidzi yatsika kuchoka pa K2,300 kufika pa K1,350 anapiye asanafike. M'ndandanda lembani yolandira m'manja, osati yolembedwa pa pangano.

Funso lachiwiri ndi lakuti, "Ndidzabweza makwacha angati onse pamodzi, ndipo pa masiku ati?" Nambala ya chiwongoladzanja payokha imanyenga. Chiwongoladzanja cha 3 pa 100 chowerengedwa pa ndalama yonse yoyambirira chimalipiridwa chimodzimodzi ngakhale mutabweza kale theka, kotero kuti pa miyezi 12 chifanana ndi cha pafupifupi 5 pa 100 chowerengedwa pa ndalama yotsala yokha. Mukayerekezera okongoza awiri, yerekezerani makwacha onse obweza ndi masiku ake. Funsaninso za chindapusa cha kuchedwa, ndiponso ngati kubweza msanga kumachepetsa chiwongoladzanja. Magulu a banki ya m'mudzi kawirikawiri amafuna ndalama yawo ibwerere m'miyezi yochepa, choncho amayenera kugulira chakudya cha gulu limodzi, osati kumangira khola limene lidzabweza mtengo wake pang'onopang'ono.

Ndandanda ili ndi malire ake. Singakupezereni ogula, ndipo nambala ya 190 pa K130 ndi yoona pokhapokha ngati mwayenda kwa ogulitsa pa msika, kwa ophika nsima ndi kwa anthu apantchito, nimudziwa kuti ndani adzatenga zingati pa mlungu umenewo. Mzere wa zolowa ndiwo umene mtima umakonda kuukometsa, choncho lembani mtengo wotsika ndi tsiku lochedwa. Malonda akayamba, wonjezerani mzere wachisanu pambali, mulembemo ndalama imene ilidi m'thumba kumapeto kwa milungu iwiri iliyonse. Ngati pepala linati K11,450 koma m'thumba muli K9,500, mwadziwa milungu iwiri pasadakhale kuti pansi pa dzenje mudzatsala ndi K1,050, ndipo nthawi ikalipo yolondola okongola nkhuku kapena yoimitsa ndalama ya banja, finisha asanathe m'nkhokwe.